Chifufutiro ndi Thumba la Masikafu

Kuofesi timawatchula Chifufutiro, ndipo sakwiya nazo. Ntchito yawo ndi kukonza tsamba la masewero mu nyuzipepala yathu: ife atolankhani timalemba nkhani, iwo amadula, kusalaza ndi kuika mutu pamwamba. Amakhala pakona, pansi pa fani yomwe imangopukusa mutu osatulutsa mphepo, magalasi ali pansonga pa mphuno. Ukalemba kuti masewero a Loweruka ndi nkhondo, amafufuta. Ukalemba adani, amaika opikisana nawo. Ukalemba kuti masapota a timu yakuti ndi zigawenga, amakuitana ndi chala.

"Unawawerenga? Analipo angati oponya mabotolowo?"

"Mwina khumi."

"Nanga m'bwalo munali anthu angati? Lemba khumiwo, geti lake, nthawi yake, ndi amene wakuuza. Enawo unawaona akulakwa chiyani?"

Atolankhani atsopano amati mkuluyu ndi wamantha. Ine sindivomereza zimenezo, chifukwa ndinawadziwa asanakhale chifufutiro. Kalelo mitu yawo inkathetsa nyuzipepala nthawi ya nkhomaliro isanakwane, ndipo ankayenda m'khondemu ngati nyumbayi anamanga okha.

Zaka khumi ndi zinayi zapitazo, matimu a mpira a Obiriwira ndi Achikasu ankakumana kachiwiri m'chaka. Pa masewero oyamba anthu ochepa a mbali ya Achikasu anaponya mabotolo, sapota mmodzi wa Obiriwira n'kusokedwa pamphumi. Ndinapita kwa mphunzitsi wa Obiriwira, ndipo anandiuza mawu ozizira amene aphunzitsi onse amanena, akuti akufuna mapointi atatu basi. Ndinalemba zomwezo, n'kuikapo mutu wanga wautali wofatsa. Mutuwo sunakwane m'malo mwake. Malo a mutu ndi opimidwa, ndipo tsoka lake mawu aukali ndiwo amakhala aafupi. Ndinapita kunyumba osaona mutu umene unalowa m'malo mwake. M'mawa ndinapeza zilembo zonenepa zitadzaza tsamba: OBIRIWIRA: LERO TIBWEZA MAGAZI. Pansi pake panali dzina langa.

Owerenga ambiri sadziwa kuti mutu sulembedwa ndi mwini nkhani. Wolemba mutu alibe dzina patsamba.

Masana amenewo ndinaona tsamba lija litamatidwa pa makatoni, anthu akulitukula m'mwamba kunja kwa bwalo, akuimba mawu aja. Achikasu nawo anali atawerenga, anabwera atakonzeka. Pa geti lakumadzulo panali bambo wina wogulitsa masikafu a matimu onse awiri. Iye analibe timu. Ankangokoloweka m'khosi mtundu umene ukuchedwa kuyenda malonda, ndipo tsikulo anavala wachikasu. Njerwa inamupeza kumbuyo kwa khutu akutolera katundu wake. Anamwalira Lachiwiri. Bamboyo anali mlamu wawo wa Chifufutiro, mwamuna wa achemwali awo.

Amene anaponya njerwa sanapezeke. Amene anapezeka ndi ine. Anthu anandiswera mawindo kunyumba, mkazi wanga anathawira kwawo ndi ana miyezi itatu, ndipo mpaka lero sindikhala pamalo a atolankhani matimu awiriwa akamasewera. Ndinadikira kuti Chifufutiro anene kuti mutuwo unali wawo. Sananene. Ndinkawada kwambiri, sindibisa, moti kwa zaka zambiri tinkalankhulana za ntchito zokha, tikupumira mpweya wa chipinda chimodzi.

Chimene Chifufutiro ankachita n'chakuti Lamlungu lililonse ankapita kwa achemwali awo aja, kukonza mpopi, kusintha mababu, kuthandiza ana ntchito za kusukulu mpaka anawo anakula. Mayiwo anasunga tsamba lija m'kabati. Ankati akalitulutsa ankaloza dzina langa, n'kulitemberera, mchimwene wawo ali phee akumwa tiyi.

Mwezi wathawu matimuwa anakumananso, ndipo kunabuka phokoso pa geti lomwelo. Pa mafoni panayenda kanema wa munthu atagona pansi, anthu akuti wabayidwa ndi Achikasu. Mkonzi wamkulu, munthu wachangu amene amayesa kukoma kwa nkhani poona kuchuluka kwa oitumizirana, ankafuna mutu wonena kuti Achikasu abaya sapota. Chifufutiro anakana. Anaimbira kupolisi ndi kuchipatala, mkonzi ataima pamutu pawo akuloza wotchi. Zinapezeka kuti munthuyo anakomoka pa kupanikizana, ndipo anali atatuluka kale. Tinalemba choncho, mopanda mchere. Mkonzi anati tagonetsa pepala.

Chifufutiro sanasangalale. Anakhala akuyang'ana kanema uja mobwerezabwereza. Kumbuyo kwa munthu wogonayo kunkaoneka mtengo wa magetsi umene alamu awo ankamangirirapo chingwe cha masikafu.

"Lamlungu uli ndi zochita?" anandifunsa osandiyang'ana.

"Bwanji, akulu?"

"Undiperekeze kwa achemwali."

Ndinafuna kuwauza kuti apite okha, koma ndinapita. Nyumba ya mayiwo ndi ya zipinda ziwiri, pabalaza pali mipando itatu ndi makina osokera. Mayiwo anatilandira bwino, anandipatsa mpando wotsamira.

"Achimwene, mlendoyu simunamutchule," anatero.

Chifufutiro anatchula dzina langa. Mayiwo anaika thireyi pansi pang'onopang'ono.

"Mwandibweretsera ameneyu m'nyumba mwanga?"

"Achemwali, khalani pansi. Uyu sanalembe mawu aja. Iye analemba za mapointi. Mutu ndinalemba ndine. Wake unali wautali, sunakwane, ndiye ndinaika wanga. Mphunzitsi sananene za magazi. Ndinanena ndine."

"Inuyo?"

"Ineyo."

"Munali pano tsiku lomwe ndinkachapa malaya a amuna anga aja. Munanditungira madzi."

Ine ndinali nditalota tsiku limeneli zaka zambiri, ndikuganiza kuti ndidzamva kukoma. Kukomako sikunabwere, ndinkangoyang'ana chitseko.

Mayiwo analowa kuchipinda. Tinamva akukoka chinthu pansi pa bedi. Anatuluka akuguza thumba lalikulu lomanga ndi chingwe, n'kulimasula. Munali masikafu obiriwira ndi achikasu, opindidwa bwino, akununkha chinyezi. Pamwamba panali sikafu imodzi yachikasu youma gwa, ya mawanga akuda.

Anayamba ndi ine. "Bambo, ndakutembererani m'mawa uliwonse zaka zonsezi. Mundikhululukire. Ana anu ali bwino?"

Ndinati ali bwino.

Kenako anakankhira thumba kumapazi a mchimwene wawo. "Awa sanagulitsidwe tsiku lija. Ndinkasunga kuti ndidzamupatse mwini mawu aja ndikadzamuona. Nyamulani. Mpopi ukawonongeka ndiitana munthu wina."

Ndinafuna kuwathandiza Chifufutiro kunyamula, koma anakana. Analisenza paphewa mpaka pokwerera basi, nkhalamba ya tsitsi loyera, anthu akuwafunsa mtengo wa masikafu.

Thumbalo lili pansi pa desiki yawo tsopano, akuti kunyumba kulibe malo. Akakhala pampando mawondo amaligunda. Lamlungu amabwera kuofesi ngakhale si tsiku lawo, chifukwa alibe kwina kopita. Dzulo mtolankhani wina watsopano anawabweretsera nkhani yoti Obiriwira akupita kukakhetsa magazi. Anaiwerenga, anafufuta mzerewo, kenako anatsitsa dzanja pansi pa desiki kukhudza ngati chingwe cha thumba chidakali chomanga.