Mawu apansi pa chithunzi cha Esinati

Ndinadzuka kusanache, ndipo chimene chinandidzutsa si tambala kapena nyimbo za pamaliro ayi. Inali foni ya mng'ono wanga Esinati, imene inkanjenjemera pansi pa pilo wanga. Anandipatsa foniyo tili kuchipatala, tsiku limene anamwino anamuuza kuti mtima wa mwana sukumvekanso. Mimba inali ya miyezi isanu ndi iwiri. Anamupatsa mankhwala oyambitsa matenda a uchembere, anabereka mwana wamkazi wosalira, ndipo anatitulutsa dzulo lake la tsiku ndikunenali.

Usiku umenewo panalibe kugona pamaliro. Kwathu mwana wotere timati ndi mtayo. Sasonkha moto panja, saimba, satumiza uthenga kwa abale, ndipo salira mokweza. Azakhali athu a ku Chimaliro, amene anafika madzulo ndi khasu lawo lomwe, anali atanena kale kuti aliyense wofuna kulira akalirire m'bulangete, chifukwa kulira mtayo kumatseka mimba ya mayi. Choncho nyumba ya mlamu wanga Fanuwelo, kumalayini a esiteti, inagona ngati nyumba ina iliyonse.

Foni yokha ndiyo sinamve lamulo la azakhali. Mwezi wathawo Esinati ndi Fanuwelo anakajambulitsa m'munda wa tiyi, monga achitira achinyamata masiku ano: iye m'diresi loyera, mwamuna wake atagwira mimba, kumbuyo tiyi wobiriwira mpaka kuphiri. Ndiye wojambula uja, mnyamata wa pa Boma, anasankha usiku womwewo kuika chithunzicho patsamba lake la bizinesi, n'kumutaga Esinati. Iye sankadziwa kanthu, koma zimenezo sizinandiletse kumutukwana chamumtima. Pansi pa chithunzicho panali podzaza. Wina ankati zabwino zonse mayi, wina ankati ameneyo ndi mwamuna ndaonera mimba, wina ankafunsa tsiku la phwando la mphatso. Aphunzitsi anzake a Esinati a kusukulu ya pa esiteti anali atachitengera kale ku gulupu yawo.

Ndinamuimbira mnyamatayo mdima ulipo. Sanayankhe. Ndinachotsa dzina la Esinati pachithunzipo, koma pa tsamba la mwiniwake chinakhalabe, ndipo amene anachikopera m'mafoni awo ndikanawatani? Madzi akatayika saoleka.

Kunja kunali chiperoni, mvula yowaza ija imene imanyowetsa munthu asakudziwa. Ndinakoleza mbaula m'khitchini kuti nditenthetse madzi a Esinati. Amayi ochepa anafika mmodzimmodzi, aliyense atafunda chitenje kumutu, osapereka moni mokweza. Othyola tiyi ankadutsa pamsewu ndi madengu kumsana, atavala mapepala apulasitiki, ena n'kuyang'ana nyumba yathu pang'ono n'kupitirira. Fanuwelo anakhala kuseri kwa nyumba pa chidebe chovundikira. Kumaliro a mtayo amuna sapita, ndipo palibe amene amabwera kudzawapepesa. Kunena zoona anandikwiyitsa m'mawa umenewo. Ndinkamudutsa ndi madzi, ndi makala, iye ali phee kuyang'ana zala zake.

Tinanyamuka kutangoyera. Azakhali ananyamula mwanayo atamukulunga m'chitenje chatsopano, ife tikutsatira ndi makasu. Esinati anatsala, chifukwa mayi sapita. Tinadutsa kanjira ka pakati pa tiyi, tinawoloka kamtsinje, tinafika kumanda a mudzi woyandikana ndi esiteti. Kumeneko tinakumba m'mphepete, pansi pa mtengo, dzenje losaya lofika m'mawondo. Amati mukakumba lakuya mwakwirira ndi ana ena amene akanabwera. Panalibe bokosi, panalibe mlaliki. Mayi wina wa ku Dorika anapemphera monong'ona, ndipo tinakwirira. Nthawi yonseyi foni inkanjenjemera m'chiuno mwanga mmene ndinaimangirira, moti azakhali anandiyang'ana ndi diso lija. Ndinaithimitsa.

Pobwerera tinakumana ndi mayi wina wogulitsa mandasi pageti la fakitale. Anandikuwira ali patali, akuseka, kuti waona chithunzi ndipo tisamuiwale tsiku lake. Ndinangokweza dzanja. Apo mpamene ndinadziwa kuti chete wa makolo athu ankagwira ntchito kale, pamene mimba inkabisidwa m'chitenje ndipo mudzi unkamva zinthu popanda wonena. Mimba iyi inali italengezedwa kwa anthu a ku Limbe, a ku Joni, ndi ena amene sitinawaonepo.

Titasamba m'manja ndi m'mapazi pakhomo, ndinalowa kuchipinda. Esinati anali atakhala tsonga, atamanga nsalu pachifuwa chifukwa mkaka unali utayamba kubwera. Anandifunsa ngati tamuika bwino. Kenako anapempha foni yake. Ndinayesa kuzemba, koma anatambasula dzanja osalibweza. Anawerenga zonse, mmodzi ndi mmodzi, nkhope ili gwa.

"Achemwali, ndilembapo," anatero.

Azakhali anamva ali pakhomo la chipinda. Anati mtayo salengeza, ndipo ukanena anthu amayamba kufufuza. Ena adzati mwamuna anayenda panja mkazi ali ndi pakati, ena adzati pali munthu wachita, ena adzati anamwa mankhwala yekha. Pamenepo sanalakwe, anthu athu ndimawadziwa. Koma Esinati anayankha kuti zimenezo adzanena ndithu, alembe kapena asalembe. Chimene sakanatha n'kubwerera kusukulu, n'kumayankha munthu aliyense payekhapayekha wofunsa kuti mwana mwamusiyira ndani.

Ndiye tinayamba kulemba, ndipo ntchito imeneyi inandilemetsa kuposa kukumba manda. Ine ndinayamba ndi Chingerezi, mawu aja a mngelo amene wapita kumwamba. Anati ndifufute, iye sanabereke mngelo, anabereka mwana. Mayi wa ku Dorika uja anati tiike vesi lakuti Yehova anapatsa, Yehova watenga. Esinati anati vesilo ndi loona, koma lero sangalinene ndi pakamwa pake, mwina chaka chamawa. Ndinalemba kuti zinthu sizinayende bwino. Anati mawu otero ndi oitana mafunso, aliyense adzaimba kuti amve kuti sizinayende bwanji. Ndinapsa mtima n'kulemba zonse, tsiku limene mwana anasiya kugunda, za sikani, za kuchipatala. Anawerenga n'kupukusa mutu. Zimenezo, anati, ndi za thupi lake, si za pamsewu. Ndinalemba kuti wapita padera. Anati ayi, anamva ululu wonse wa kubereka, ndipo anamuona nkhope.

Ndinaponya foni pabedi n'kumuuza kuti alembe yekha, popeza zonse akudziwa ndi iye. Ndinatuluka kukayang'ana mbaula imene sinkafuna kuyang'anidwa.

Ndili kunja wojambula uja anaimba pa foni yanga. Anapepesa, nachotsa chithunzicho nthawi yomweyo. Ndinabwerera m'nyumba ndi nkhani yabwinoyo ngati munthu amene wapha njoka, n'kufunsa kuti tsopano tiike chithunzi chanji pamwamba pa mawuwo: kandulo, maluwa, kapena chakuda chabe. Esinati anati tiika chomwecho cha m'munda wa tiyi. Ndinatsala pang'ono kukuwa. M'mawa wonse ndakhala ndikulimbana nacho chithunzi chimenecho!

"Ndi chokhacho chimene tilipo tonse atatu," anatero.

Anandituma kukaitana mwamuna wake, chifukwa nkhope yake ilinso pachithunzipo ndipo sangaike popanda iye kuvomera. Fanuwelo analowa, malaya atanyowa ndi chiperoni, n'kuima pafupi ndi chitseko ngati mlendo m'nyumba mwake momwe. Esinati anamuwerengera zimene analemba. Iye anamvetsera, kenako anafunsa ngati n'zotheka kuikapo dzina. Azakhali anati mtayo alibe dzina. Fanuwelo, osakweza mutu, anati usiku akachoka ku fakitale ankalankhula ndi mimbayo, ndipo ankamutchula Tamanda. Esinati ankadziwa. Ife tonse sitinkadziwa.

Kenako azakhali anati ngati zafika pamenepo, apongozi a ku Thekerani asamve za dzina la mdzukulu wawo kwa ana a m'mudzi okhala ndi mafoni. Imeneyo inali nzeru, ndipo palibe wa ife amene anaiganiza. Tinaimbira oyandikana nawo nyumba, netiweki ikuduladula, tinadikira kuti akawaitane kudimba. Masana anadutsa tikudikira. Atabwera, Fanuwelo anawauza yekha.

Esinati anasankha kuti aone anzake okha, osati dziko lonse. Anatseka ndemanga, chifukwa sankafuna kuwerenga kuti mudakali ana mudzabereka wina. Pa sitetasi anakana, poti imafufutika pakatha tsiku, ndipo iye ankafuna kuti wobwera mochedwa akapeze mawuwo alipo. Kwa mphunzitsi wamkulu anatumiza payekha, kuti auze anzawo ku gulupu kuja. Pansi pa chithunzicho analemba izi:

"Mwana wathu wamkazi, Tamanda, anabadwa atamwalira kale, ndipo waikidwa lero. Ine ndi bambo ake, a Fanuwelo, tinkamudikira kwambiri. Ine ndikuchira. Chonde musatifunse chimene chinachitika. Mukationa, mutipatse moni basi."

Atatumiza anandibwezera foni, nagona chotembenukira kukhoma. Ena anamvera. Ena, monga mwa anthu, anapeza ndemanga zotseka n'kuthamangira kuinibokosi kufunsa chomwe chinachitika. Amenewo ndinawafufuta ndekha, ndipo sindinamve chisoni.

Chakumadzulo chiperoni chinaleka. Amayi aja anabalalika, tinatsala apabanja. Ndikutaya phulusa ndinaona bambo wina wa kofia yoyera akubwera, dalaivala wa minibasi za ku Limbe, mnzake wa Fanuwelo wa kusukulu. Sanagogode, sanalowe. Anazungulira kuseri, natenga njerwa, nakhala pambali pake. Patapita kanthawi anafika awiri a ku fakitale, adakali m'maovolosi. Sanasonkhe moto, sanaimbe nyimbo. Ndinamva wa kofia uja akunena mawu ochepa okha: "Pepani, bambo a Tamanda."

Fanuwelo analira. Analira mokweza, moti zinamveka mpaka nyumba yachitatu. Ndinayang'ana azakhali, ndikudikira kuti atuluke akamuletse. Iwo anali atakhala pamkeka akusankha nyemba. Anati lamulo limanena za mimba ya mkazi, za amuna iwo sanauzidwe, ndipo anapitiriza kusankha.

Mdima utagwa amuna aja anapita. Esinati anali m'tulo. Foni ndinaisiya patebulo, ndipo inakhala chete. Ndinatenga madzi otentha amene ndinali nditamudutsa nawo Fanuwelo tsiku lonse, n'kukawaika kubafa, ndipo ndinakamuitana mlamu wanga ndi dzina lake latsopanolo.