Mayi ofunsa kuti wadziwa bwanji

Mayi oyandikana nafe ku Santhe salandira nkhani yopanda mwini. Ukawauza kanthu, amaika pansi fodya amene akusoka n'kufunsa kuti, "Waona, wamva, kapena wangoganiza?"

Khalidweli analitengera kuparishi ali mtsikana, kumene ankachapira masisitere mongothandiza. Sisitere wina wa ku Peru anawauza kuti m'Chikechuwa, chilankhulo cha kwawo, ngakhale ponena kuti mvula ikugwa umamata kamchira kumawu ako: "-mi" ngati waiona wekha, "-si" ngati wachita kumva, "-cha" ngati ukungoganiza.

"Ifenso tili ndi 'akuti'," amatero mayiwo, "koma timamutaya panjira."

Chaka china, zigafa zikadadzaza, fodya anasowa pa esiteti. Mbiri inawanda yoti waba ndi Lefina, mkazi wa tenanti, amene ankasoka fodya tsiku lonse dzina lake osalembedwa paliponse. Banja lake linauzidwa kuti lisamuke.

Mayiwo anapita kwa kapitawo wa esitetiyo.

"Bambo, munamuona?"

"Aliyense akudziwa, mayi."

"Aliyense alibe maso. Wakuuzani ndani?"

Kapitawo anamva kwa mlonda, mlonda anamva kwa mkazi wake, ndipo mkaziyo anangoona mapazi aang'ono kuseri kwa chigafa.

"Ndiye kuganiza kwa mkaziyu kwafika kwa inu kutamera maso?" anafunsa mayiwo.

Kapitawo anakanda kumutu. Banjalo silinasamuke.

Esiteti ija inatsekedwa kalekale, zigafa zinagwa. Za kwa kapitawozi ndinachita kumva. Koma Lefina akuwatulira mayiwo ndowa yamadzi pakhomo m'mawa uliwonse, zimenezo ndimaona ndekha.