Disiki ya Mayi Mabaji

Mabaji 2,300 ndiwo anali m'kompyuta ya Mayi Mabaji: a masukulu, a makwaya, a matimu a mpira, mpaka a kagulu ka alonda komwe kanatha kalekale. Atha zaka khumi ndi zinayi akupeta zizindikiro pa malaya m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsapato, moti dzina lawo lenileni linachita kuiwalika. Msana unayamba kale kuwavuta, maso nawo akufuna magalasi. Ntchito yonse imadalira kompyuta yakale yomwe imauza makina opetera poboola singano.

Lolemba kompyutayo inayamba kulira kuti tsketske mkati, n'kumaima. Pakona panali malaya 400 a sukulu ina, ofunika Lachisanu.

Alamu awo, omwe sasowa nzeru pa chilichonse, anakopera mafayilo pa fulashi n'kukayesa pa kompyuta yawo. Mabaji analipo, koma pulogalamu yoyendetsa makina inakana kutseguka. Sidi yake inatayika posamuka, ndipo amene anawagulitsa makinawo anatseka kale bizinesi.

Lachiwiri m'mawa anabwera amisiri a makompyuta, bambo wa imvi wosakonda kuseka, atanyamula disiki yatsopano ya magigabayiti 500. Yakale, yosunga zonse m'kompyutamo, inali ya 160, yodzaza mpaka pakamwa.

"Alamu anu anatola katundu n'kusiya nyumba," anatero amisiri. "Pulogalamu ili ndi mizu m'malo ambiri. Ine ndikopera disiki yonse monga ilili, kuyambira poyambira mpaka pothera, kuti kompyuta idzuke ngati palibe chasintha."

Anamata kapepala pa disiki iliyonse, ina YAKALE, ina YATSOPANO. Atalumikiza zonse ziwiri n'kuyatsa kompyuta kudzera pa fulashi yawo, anawerenga manambala a madisikiwo mokweza katatu.

"Mukupemphera, amisiri?" anafunsa alamu.

"Ndikasokoneza, ndikopera yopanda kanthu pamwamba pa yodzaza. Zaka khumi ndi zinayi za alamu anuwa zifufutika inu musanamalize kuyasamula. Khalani phee."

Alamu anatuluka kukaona nsapato.

Ntchito ya ola limodzi inatenga maola asanu. Disiki yakale inali ndi malo owonongeka, ndipo pulogalamu yokopera inkawadumpha kaye n'kudzabwererako kukayesanso. Mayi Mabaji anakhala pa mulu wa malaya akudula tiulusi topanda ntchito. Anakumbukira m'mene ankajambulira mabaji oyamba, mwana ali kumsana, baji limodzi masiku awiri. Kuyambiranso zonsezo, mphamvu zake analibenso.

Cha m'ma 3 koloko amisiri anazimitsa kompyuta, n'kuchotsa disiki yakale, n'kuika yatsopano m'malo mwake. Inadzuka. Chithunzi cha mdzukulu chinaoneka pomwe chimakhala, pulogalamu inatseguka, makina anayankha. Koma mayi atayang'ana malo otsala, mzere unali wofiira ngati kale: 160, yodzaza.

"Abale inu, ndiye tapindulanji?" anatero motsitsa. "Si yomwe ija iyi?"

"Akugulitsani yaing'ono!" anafuula alamu ali pakhomo.

"Ikakopera imakopera ndi mpanda womwe," anatero amisiri osatembenuka. "Bwalo lakula, mpanda uli pakale." Anawaonetsa malo opanda kanthu kumapeto kwa disiki, n'kufutukula gawo la 160 lija mpaka kukafika kumeneko. Mzere wofiira uja unafupika. Malo otsala anapitirira magigabayiti 300.

Mayi Mabaji sanasekerere. Anatsegula baji la sukulu ya malaya 400 ija, la chithunzi cha buku ndi nyali. Linakana kutseguka. Anayesanso, chimodzimodzi.

"Malo owonongeka asanu ndi awiri sanawerengeke," anatero amisiri. "Mafayilo amene anali pamenepo apita. Zikuoneka kuti ili ndi limodzi mwa iwo."

"Mwa mabaji onsewa, lomweli?" anafunsa mayi.

Alamu anatulutsa fulashi ija monyadira, koma fayiloyo munalibe. Anavomera kuti pokopera paja kompyuta inadandaula pa mafayilo angapo, iwo n'kungodina kuti ipitirire.

Mayi anaimirira pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Pansi pa tebulo pali katoni momwe amaponyamo kansalu koyesera baji lililonse asanapete pa malaya a eni ake. Ana awo akhala akuwauza kuti ataye zinyalalazo. Mayi anafufuza mpaka anapeza kansalu ka buku ndi nyali, ulusi utafwifwa koma mizere yonse ikuoneka.

Amisiri anakulunga disiki yakale n'kuwapatsa mayi. "Muisunge, musaiyatse. Nayo yatsopanoyi si yamuyaya."

Mayi anawerengetsa. Kujambulanso baji potengera kansaluko ndi theka la tsiku. Makina amapeta malaya 200 pa tsiku ulusi ukapanda kuvuta. Lachisanu lifika movutikira, koma lifika.

Mawa ayamba ndi buku ndi nyali. Malaya akachoka, atsegula mabaji onse limodzilimodzi kuti adziwe ena amene anawonongeka, kenako agula disiki ina yosungirapo zonse.