Lole Imene Ndinaipempha M'ndime Yomaliza

"Inu bambo, mumalemba kalata kapena ulaliki wa pa maliro?"

Anakuwa choncho ndi mayi amene ankayang'anira ntchito yathu, Lolemba m'mawa, mu ofesi yathu ya zipinda ziwiri m'tauni ya Zomba. Ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi kapena kuposerapo, ndipo ine sindinazolowere kukuwiridwa. Ndinamenya tebulo mpaka kapu ya tiyi inadumpha.

"Ndinapempha lole! Zalembedwa! Ngati anthu anu a ku Blantyre sadziwa kuwerenga, abwerere kusukulu ya kwacha!"

Nkhani yake inali iyi. Tinkagwira ntchito m'kabungwe kobzala mitengo, ine ndikuyang'anira nazale yathu pamwamba pa phiri. Chaka chimenecho tinafesa mibawa ndi mitengo ina ya m'mbali mwa madzi, yoti ikabzalidwe m'mphepete mwa Likangala. Loweruka lapitalo anthu anasonkhana kumtsinje ndi makasu, maenje atakumba kale. Anadikira mpaka dzuwa pamutu, lole yotsitsa mbande osaoneka. Anabalalika akutukwana, ndipo wotukwanidwayo ndinali ine. Unali mwezi wa Febuluwale, mvula ikupita kumapeto, mizu ya mbande itayamba kuboola machubu n'kulowa pansi. Loweruka lotsatira likanatiphonyanso, ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi ikanangofera m'nazale.

Bungwe lonse linali ndi lole imodzi, ndipo ankaigawa ndi mkulu wa zamagalimoto ku likulu lathu ku Blantyre. Munthuyo satulutsa galimoto ndi mawu a pakamwa, amafuna imelo. Ine imeloyo ndinalemba, iye n'kuyankha kuti, "Ndalandira, zikomo." Kwa ine zinali zokwana.

Mayi aja anatulutsa foni m'chikwama, nakanda pang'ono, n'kundiyika m'manja.

"Nayi imelo yanu, munanditumizira kope. Mkulu uja sakhala pa kompyuta ngati inu. Amawerengera pa foni, ali kugalaja kapena pa msewu. Ipezeni loleyo, ndikuwerengerani kuti mukanda kangati."

Ine foni yanga ndi ya mabatani mpaka lero, ndipo kalata yanga ndinali ndisanaionepo pa kagalasi kakang'ono chotere. Ndinaiyang'ana, mkwiyo n'kuyamba kuzilala wokha, chifukwa chimene ndinkaonacho sichinali chimene ndinalemba. Pa kompyuta inali kalata yaudongo, keyala kudzanja lamanja, tsiku pansi pake, ndime zowongoka. Apa keyala inali itamwazika ngati mpunga wotayikira pa msewu. Mizere inali yoduka modabwitsa: wina wautali, wotsatira mawu awiri okha, wina wautali, wotsatira liwu limodzi.

"Kamodzi," anatero mayi aja nditakanda ndi chala. "Kawiri. Katatu. Mwaipeza?"

Ndinali ndikadali pa mbiri ya nazale.

"Kasanu. Kasanu ndi kamodzi."

Lole ndinaipeza pokanda kachisanu ndi chiwiri, m'ndime yomaliza, pamene ndinati ndikanayamikira kwambiri ngati kukanakhala kotheka kutiganizira pa nkhani ya mayendedwe. Liwu loti lole silinalipo n'komwe.

"Mawa isanakwane twelofu akhala atagawa galimoto za sabata ino," anatero akulanda foni yawo. "Sindikulemberani. Lembani nokha."

Anatuluka, n'kukwera njinga ya kabaza kupita ku msonkhano.

Ndisaname, sindinavomere kuti ndalakwa. Ukalaliki ndinauphunzira ndili mnyamata mu ofesi ya boma, nditangomaliza Folomu 4, pa makina otayipira aja olira belu ukafika kumapeto kwa mzere. Amene anandiphunzitsa ankati kalata ili ngati mlendo. Amaodira, amapatsidwa mpando, amapereka malonje, kenaka ndi pamene amanena chimene wadzera. Wongofika n'kunena kuti ndipatseni mchere ndi wopanda mwambo. Ndinalemba makalata motero zaka zoposa makumi awiri ndipo palibe anandidandaula.

Koma chinthu chija cha mizere yoduka chinandikhala m'mutu. Wadula mizere yanga ndani? Ndinatsegula imeloyo pa kompyuta, inali bwinobwino. Ndinakumbukira kuti foni ya mkazi wanga ndi yokanda, ndipo amene anamugulitsa anamutsegulira keyala ya imelo imene sanaigwiritsepo ntchito, tinangoilemba pa chikuto cha buku la nyimbo. Ndinamuimbira kuti andiwerengere keyalayo. Kenaka ndinamutumizira kalata yanga ija, ndi ina yoyesera, m'mene ndinakoperamo ndime imodzi osagunda batani lotsitsa mzere mpaka ndimeyo itatha.

Ndinafika kunyumba ku Mbedza cha m'ma folo, ndinamupeza pakhonde akusankha nyemba.

"Mayi, tandibwereka foni."

"Bandulo ndi yanga imeneyo, bambo. Mwayamba zibwenzi za pa foni mutakula?"

"Chibwenzi chake ndi lole. Bweretsa."

Tinakhala pa mkeka. Choyamba chimene ndinaona ndi mndandanda wa makalata usanatsegule iliyonse. Foni imaonetsa dzina la wotumiza, mawu ochepa a mutu wa kalata, ndi kachidutswa ka mzere woyamba. Basi. Mutu wanga unali wautali, wonena za lipoti la momwe ntchito ikuyendera ku nazale ya paphiri ndi zofunika pa tsiku lobzala. Timalemba m'Chingelezi, koma tanthauzo ndi limenelo. Pa foni unangooneka mpaka pa mawu oti "Lipoti la momwe ntchito", kwinako timadontho titatu. Pansi pake panaoneka chiyambi cha keyala ya ofesi yathu. Ndiye munthu ali kugalaja, manja ali ndi oyilo, waona lipoti. Lipoti la nazale likumukhudza chiyani mkulu wa magalimoto? Anayankha mwaulemu kuti walandira, n'kubweza foni m'thumba. Ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi, mwinanso osayankha.

Kenaka ndinatsegula yoyesera ija. Ndime imene sindinaidule ndekha inadzikonza yokha molingana ndi kukula kwa galasi, mizere yonse yodzaza bwino. Nditaigoneka foni cham'mbali, mizere inatalika yokha. Nditaiimika, inafupika. Ndinachita zimenezi mwina kakhumi.

"Muithyola," anatero mkazi wanga.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti wodula mizere ndinali ine ndemwe. Dzanja langa linkamvabe belu la makina akale. Ndikafika kumapeto kwa mzere pa kompyuta ndinkagunda batani lotsitsa, ndipo keyala ndinkaikankhira kumanja ndi mipata yambirimbiri. Foni, pokhala yopapatiza, inkapinda mzere wanga pamene yafuna, kenaka n'kumveranso kudula kwanga. Komabe ngakhale ndime yodzikonza ija inadzaza galasi lonse, khoma la zilembo lopanda popumira. Ndime ya mizere inayi pa kompyuta inali mizere khumi ndi umodzi pa foni. Ndinawerenga.

Ndinamupatsa mkazi wanga kalata yoyambayo osamuuza kanthu.

"Werenga, undiuze kuti munthuyu akufuna chiyani."

Chingelezi amachimva, anafika Folomu 2. Anawerenga akuyendetsa milomo, anakanda kawiri, n'kusiya.

"Akudzitama kuti mitengo yake yakula."

"Pitiriza!"

"Musandikalipire, si ine ndakumanani lole. Nyemba zikundidikira."

Ndinamufotokozera za mlendo ndi malonje, kuti sungayambe ndi pempho kwa munthu wamkulu. Anaseka mpaka anatsamira chipupa.

"Tsiku lija mbaula inagwira katani, munabwera kudzandifunsa kuti ndadzuka bwanji? Munakuwa kuti madzi! Ndipo ndinabwera nawo. Ulemu wanuwo, anthu ayima padzuwa tsiku lonse ndi makasu, ndiye ulemu umenewo?"

Ndinafuna kupsa mtima, koma panalibe pogwira. Ndinatenga pensulo ndi envelopu yakale. Ndinawerenga zilembo zimene zimakwana mu mzere umodzi wa foni yake, zinali pafupifupi makumi anayi, ndipo mutu unkaduka zisanakwane n'komwe. Ndinayamba kuyesa mitu yosiyanasiyana pa envelopupo, ndikuwerenga zilembo ngati mwana wa Sitandade 1. Chinandisangalatsa, ndisabise. Unali ngati mpikisano wolongedza katundu wa lole yonse mu wilibala. Liwu lililonse ndinkalifunsa kuti, iwe ukudzatani muno? "Ndikanayamikira kwambiri" anatuluka. "Monga mukudziwa" anatuluka. Mbiri ya nazale yonse inatuluka, chifukwa mkulu uja safesa mitengo. Chimene iye amafuna kudziwa ndi galimoto yanji, liti, kuchokera kuti, kupita kuti, ndipo ayankhe pofika liti.

Pa moni pokha ndinakakamira. Kalata yopanda moni sindingaitumize, kaya dziko lisinthe bwanji. Tinagwirizana ndi mkazi wanga kuti moni akhale wa mawu awiri, pempho libwere pompo kuti lionekere ngakhale munthu asanatsegule.

M'mawa mwake ndinafika ku ofesi seveni isanakwane, mlonda akadali ndi chikhoti chake. Pa mutu ndinalemba kuti, "Pempho: lole Loweruka, Zomba". M'kati ndinalemba izi, chiganizo chilichonse pachokha, ndi mpata pakati:

"Moni bwana. Ndikupempha lole Loweruka lino, 7 koloko m'mawa.

Idzanyamule mbande ku nazale ya paphiri kupita ku Likangala, maulendo awiri.

Zikapanda kubzalidwa sabata ino ziwonongeka.

Chonde yankhani lero isanakwane 12 koloko. Zikomo."

Ndinayamba ndaitumiza kwa mkazi wanga, n'kumuimbira.

"Yakwana pa galasi limodzi?"

"Yakwana, malo atsalanso. Mukufuna lole Loweruka. Ndisiyeni ndikuchapa."

Ndinaitumiza ku Blantyre, kope kwa mayi aja. Inkaoneka yamaliseche, ndipo chala chinandiyabwa kuti ndiwonjezere ndime imodzi yokha yopepesa chifukwa chovutitsa. Ndinachikhalira. Ndisanamalize tiyi yankho linabwera: "Zatheka. Dalaivala akuimbirani Lachisanu."

Ndinatseka kompyuta, ndinakwera njinga yamoto ya ofesi, n'kuyamba chitunda cha Ku Chawe m'kati mwa nkhungu, ndikupatukira anthu otsika ndi nkhuni pa njinga. Kunazale ndinauza amayi ogwira ntchito kuti tiyambe kudula mizu imene yaboola machubu ndi kusanja mbande m'mphepete mwa msewu, pamalo poti lole itha kutembenuka.