Kapepala ka mayi wa lole

Chaka chimene ndinayamba ntchito, Okutobala anatentha moti mapiri a tsidya la Shire ankasungunuka m'nkhungu ya fumbi, n'kutsala ngati utsi. Ofesi yathu inali kanyumba ka zipinda ziwiri m'tauni ya Mangochi, ndipo tinali titapeza thandizo loti timange shedi yoyanikiramo usipa pagombe lina cha ku Makanjira, kuti nsomba zisamaolere pamatandala mvula ikagwa.

Amayi amene ankatiyang'anira anali munthu wosapupuluma. Tsiku lina masana anamata chipepala chachikulu pakhoma, n'kujambulapo mizere iwiri yopingasana. Panatuluka zigawo zinayi.

"Kukwera m'mwamba ndi mphamvu," anatero. "Kupita kumanja ndi chidwi. Aliyense amene shediyi imukhudze, kapena amene angathe kuiimitsa, umulembe pakapepala kakekake, umuike pamene akuyenera. Sitingakhale pansi ndi dziko lonse. Tidziwe woyenda naye tsiku ndi tsiku, wongomusangalatsa, womudziwitsa, ndi wongomuyang'anira patali."

Ndinagwira ntchitoyo fani ikuzungulira mwaulesi, timapepala tikugwedezeka pakhoma ngati tikufuna kuuluka. Kumtunda kumanja, kwa amphamvu ndi achidwi, ndinaika apampando a komiti ya pagombe, alangizi a za nsomba, ndi amfumu amene anapereka malo. Ashehe ndinawaika kumtunda kumanzere: mawu awo amamveka, koma za usipa sizikawasowetsa tulo. Anyamata a kabaza ndinawaika pansi kumanzere. Amayi oyanika nsomba onse ndinawalemba pakapepala kamodzi, n'kuwaika pansi kumanja, kwa anthu achidwi chambiri koma opanda mphamvu.

Abwana anayang'ana chipepalacho nthawi yaitali.

"Wakuuza ndani kuti alibe mphamvu?"

"Alibe udindo uliwonse, amayi."

"Sindinafunse za udindo. Izi wazilota uli pampando. Pita ukaone. Aliyense ukamufunse zinthu ziwiri: shediyi ikabwera chisinthe n'chiyani pa moyo wake, ndiponso ndani amene atakana, anthu sangaigwiritse ntchito."

Ndinakwera lole mamawa. Za ulendowo ndimakumbukira zidutswazidutswa: migwalangwa itaima payokhapayokha m'chigwa, fumbi lofiira likulowa m'mano, mayi wina atagona paphewa langa ngati timadziwana kuyambira kale. Nyanja inkaoneka n'kubisala, yoyera ngati malata. Pamene ndinkatsika sindinkadziwa ngati ndagona kapena ndinali maso njira yonse.

Ndinakhala kumeneko masiku atatu. Apampando anandionetsa malo amene anasankha, kumapeto kwa gombe, pansi pa mitengo. Panali pabwino ndithu, pamthunzi, pakamphepo. Ashehe anandilandira pakhonde, anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kungopempha chimodzi, kuti misonkhano isamachitike Lachisanu masana. Ndinaona kuti iwowo ndinawaika pamalo pake.

Koma funso lachiwiri lija linkabweretsa yankho limodzimodzi. Asodzi akukonza ukonde wa chilimira anati, "Kafunseni mayi wa lole." Wogulitsa tiyi anatinso chomwecho. Ngakhale alangizi a za nsomba anaseka n'kunena kuti, "Aa, amene uja akapanda kulowamo, mudzayanikamo zovala."

Mayiyo analibe lole. Ankangokonza za ulendo: ndiye ankaimbira madalaivala, n'kunena tsiku lopakira, ndi matumba a yani ayambe kukwera. Amayi oyanika nsomba ankayanika pamene iye wayanika, chifukwa lole inkaima pomwepo. Ndinamupeza dzuwa lili pamutu, akutembenuza usipa pathandala. Usipawo unkanyezimira mpaka maso kuwawa, ndipo iye ankaoneka ngati waima m'madzi owala ofika m'chiuno. Anali wa zaka za amayi anga, wochepa thupi, mpango wakuda utamangidwa mothina. Ndinamva pambuyo pake kuti anabwera ali kamtsikana kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo.

"Ali uli, amama?" ndinayesa Chiyao changa chochepacho.

Anayankha m'Chichewa, osasiya ntchito. "Ndinu a shedi? Tinamva. Akuti mudzatiitana mukamaliza, tidzavine."

Ndinachita manyazi, chifukwa n'zimene kapepala kanga kankatanthauza. Ndinamufunsa ngati malowo akuwadziwa.

"Tiyeni," anatero.

Tinayenda mumchenga wotentha, iye patsogolo, ine ndikudumphadumpha. Tisanafike kumitengo kuja anaima mwadzidzidzi n'kutembenuka kuyang'ana kumtunda.

"Ine ndathera pano. Kutsogoloku ndi doko la abambo. Amasamba m'mawa, nthawi yomweyo imene maboti amafika ndi usipa. Ndani wa ife angadutse apa ndi beseni pamutu? Tikazungulira kumtunda, usipa wafewa kale. Ndiye lole, mchenga wa uko imatitimira."

"Apampando simunawauze?"

"Anatifunsa? Iwo amadutsa apa tsiku lililonse, sangaone kuti pali mpanda."

Ndinayang'ana. Panalibe mpanda uliwonse, koma mchenga, bango, ndi mbalame yoyera itaima ndi mwendo umodzi. Komabe miyendo yanga inali itaimanso pomwepo.

Madzulo ake anaitana anzake, tinakhala kuseri kwa nyumba yake pamkeka. Sanalankhule mofanana ayi. Amene anali ndi matandala ambiri ankaopa kuti shedi idzawalanda makasitomala. Amene analibe, obwereka kwa anzawo, ankaifuna kwambiri koma ankalankhula motsitsa. Ndinazindikira kuti kapepala kanga kamodzi kaja kanali ndi magulu atatu mkati mwake, kuwerengera ndi mayi wa loleyo.

Nditabwerera ku ofesi ndinakang'amba n'kulemba titatu. Ka mayi wa lole ndinakakweza kumtunda kumanja, pambali pa apampando. Ka eni matandala ndinakaika chapakati. Ka obwereka kanatsala pansi kumanja, ndipo ndinaima nako m'manja kwa kanthawi.

"Awa mphamvu alibedi," ndinauza abwana. "Koma shediyi ndi yawo kuposa wina aliyense."

"Ndiye usangowadziwitsa. Uzikumana nawo paokha, pamene sangaope kulankhula, ndipo mawu awo uziwabweretsa kumsonkhano waukulu. Chipepalachi chimatiuza mmene zinthu zilili lero. Sichitilamula kuti tizisiye choncho."

Msonkhano unachitika Lachiwiri. Ndinkaopa kuti apampando akhumudwa, choncho tinayamba tawaona paokha dzulo lake, kuti za doko la abambo zija asazimvere pagulu. Atamva anaseka, akupukusa mutu. "Zaka zonsezi ndimadabwa chifukwa chake amayiwa sayanika kumitengo kuja," anatero. Kumsonkhanoko ndi iwo amene anapempha amfumu malo ena, pafupi ndi pamene lole imaima. Obwereka matandala anapatsidwa mipando iwiri m'komiti yoyang'anira shedi. Mayi wa lole anakana mpando. Anati ali ndi zochita.

Shedi inatha mvula yoyamba itagwa kale. Ndinapitako mu Januwale, mitambo itatsika mpaka kukhudza madzi. Mkati munali motentha, mowala mwachikasu chifukwa cha pepala la pulasitiki la padenga, ndipo mvula inkagogoda pamwamba pang'onopang'ono. Amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi ankayala usipa osalankhula. Mmodzi wa obwereka aja anandizindikira, anandipatsa mpando wa ndowa yovundikira, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka mvula inakata, ndikuwodzera m'fungo la nsomba.