Lendi ya Nyumba ya Kuseri

A Modester Shaba, amene anthu a pamsika wa Mzimba amangowatchula kuti NyaShaba, akhala akugulitsa nyemba ndi mtedza pa benchi imodzimodzi kuyambira ali mtsikana. Amuna awo, a Stafford, anali kalipentala. Asanamwalire anamanga nyumba ina kuseri, ya zipinda ziwiri zogona ndi pabalaza, kuti mwana wawo Goodluck adzakhalemo akadzabwera ku Joni. Goodluck anakwatira komweko. Nyumbayo inakhala yokiya, NyaShaba akungolowamo Loweruka kukasesa.

Miyendo itayamba kuwavuta, masiku ena osafika kumsika, anaganiza zoikamo munthu. Koma lendi atchule zingati? Sanachititsepo lendi chibadwire.

Goodluck anayankha msanga pafoni. "Amama, K120,000. Nyumba ija adada anaimanga bwino chomene."

Mumtima NyaShaba anavomereza. Zitseko zake zinali za mlombwa, zopala a Stafford ndi manja awo. Koma anthu amene anabwera kudzaiona ankati akamva mtengo, ankangothokoza kuti "yewo" n'kupita osabweranso.

Tsiku lina anadandaulira Tausi, mnzawo wogulitsa zitenje moyang'anana ndi benchi yawo, amene moyo wake wonse wakhala m'nyumba za lendi.

"NyaShaba, mtengo wa nyumba sautenga m'mutu," anatero Tausi. "Nyemba mumagulitsa osafunsa kaye kuti anzanu akugulitsa bwanji? Mawa tiyendere limodzi dera lanu."

Anayenda pang'onopang'ono, akumapuma pamithunzi. Anayambira panyumba ya mpanda wa njerwa, ya matailosi, bafa ndi chimbudzi zam'kati. Mayi wokhalamo anati amalipira K100,000. Tausi anapukusa mutu. "Iyi si inzake ya yanu. Tifune zofanana nayo."

Kumunsi, pafupi ndi chigayo, anapeza ya zipinda ziwiri, simenti pansi, chimbudzi chakunja. Ankalipira K55,000, koma inalibe siling'i, ndipo mita ya magetsi inali imodzi mabanja atatu, kukangana mwezi ndi mwezi. Ina, yoyandikana ndi msewu, inali ndi mita yakeyake ndi mpope pakhomo: K75,000.

Panalinso ina yokongola ndithu, udzu utamera mpaka pakhonde. Mwini wake ankafuna K95,000, ndipo inali yopanda munthu chiyambire mvula.

"Imeneyo musaiwerengere," anatero Tausi. "Ndi mtengo umene mwini akuufuna, osati umene munthu akulipira. Nyumba yopanda munthu ilibe lendi."

Atabwerera anakhala pakhonde la nyumba ya kuseri ija. Tausi anaitchula monga momwe inalili. Siling'i inalimo, mita yakeyake inalipo, choncho inkaposa ya kuchigayo. Koma mpope unali umodzi ndi wa nyumba yaikulu, ndipo kumsewu kunali kotalikirapo, choncho siikanafika pa ya K75,000.

"Nanga zitsekozi?" anafunsa NyaShaba, akusisita chitseko.

Tausi anawayandikira. Anawagwira dzanja. "Wolowa adzazikonda, anzanga. Koma za amene anazipala mukuzidziwa ndinu. Iye adzalipira pogona."

NyaShaba analira pang'ono, kenako anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Mbwenu tinene K70,000."

Sabata isanathe kunabwera Sellah, mphunzitsi amene anali atangosamutsidwa kuchokera ku Champhira, mwana wakhanda ali kumsana. Anayendera zipinda, anayatsa ndi kuzimitsa magetsi, anafunsa za bilu ya madzi. NyaShaba anati azigawana pakati.

"Mtengo ndi wabwino, amama, ndayenda kale m'dera muno," anatero Sellah. "Chondivuta n'chakuti kwina konse akufuna ya miyezi itatu nthawi imodzi. Ine ndangosamuka, ndalama zathera galimoto ya katundu."

NyaShaba anayang'ana mwana uja, amene anali atagona kukamwa kuli yasa. "Mtengo sinditsitsa, mwana wanga, ndauyendera ndi miyendo yowawayi. Koma upereke ya mwezi umodzi. Inayo tiziona mwezi ukamatha."

Goodluck atamva anadandaula kuti amayi ake atchipitsa. Iwo anamuuza kuti akadzabwera adzamutenga akaone nyumba ya udzu pakhonde ija, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Sellah akukhalabe pamenepo. NyaShaba amapita kumsika masiku amene miyendo yalola. Masiku ena amakhala pakhomo akusankha nyemba, ndipo Sellah akaweruka amabwera ndi mulu wa makope kudzachongera pakhonde pawo, ati kwake kukutentha. Mwana uja anayambira kuyenda pabwalo lomwelo, atagwira chala cha NyaShaba.