Imelo Yopanda Dzina Langa

Ndili Folomu 3 ndinatumiza nkhani yanga ya amayi oyanika usipa ku Chipoka kumpikisano wa atsikana olemba. Yankho linafika pa imelo ya aphunzitsi: "Wokondedwa , tawerenga mosamala nkhani yanu yotchedwa , koma simunasankhidwe." Pa dzina langa ndi pa mutu wa nkhani panali mipata.

Aphunzitsi anati kalatayo ndi imodzi ya onse, kompyuta imangotenga mayina pamndandanda n'kudzaza mipatayo. Langa silinalembedwepo.

Kunyumba bambo anati, "Basi mwanangu, odziwa akuyeza ndipo akukana. Zolembazi zisiye."

"Ayi bambo. Andiyeza bwanji, dzina langa lomwe osalidziwa?"

M'mawa mwake ndinaitumizanso nkhaniyo, n'kupempha oyendetsa mpikisanowo kuti andiuze nsomba imene yatchulidwamo.